Kumva Mbali Zonse: Mbiri ya Ufulu Woyankha Mlandu

Pabwalo la mfumu, woneneza akamaliza kulankhula nduna zimatembenukira kwa wonenezedwa kuti naye afotokoze mbali yake. Mwambowu ndi wakale, ndipo makhothi nawo akhala akuutsata pozenga milandu. Chimene chidatenga zaka mazana ambiri m'malamulo a ku Mangalande, amene Malawi adatengera, n'kuukakamiza pa anthu omwe si oweruza koma ali ndi mphamvu yolanda munthu ntchito, nyumba kapena chiphaso cha malonda. Ufuluwu uli ndi mbali zitatu: kuuzidwa mlandu nthawi ikadalipo, kuonetsedwa umboni wokuneneza, ndi kupatsidwa mpata woyankha. Sizidakhazikike tsiku limodzi, ndipo ya pakatiyo ndiyo idachedwa koposa.

Milandu yoyambirira inali ya anthu amene sadaitanidwe n'komwe. Mu 1615 James Bagg, mmodzi mwa akuluakulu a tauni ya Plymouth, adachotsedwa paudindo chifukwa chotukwana meya. Khothi lidamubwezera udindowo, ndipo lidanena kuti ngakhale chifukwa chikadakhala chokwanira, kuchotsa munthu osamumva n'kosavomerezeka. Mu 1723 Yunivesite ya Cambridge idalamulidwa kubwezera Richard Bentley madigiri ake pa chifukwa chomwecho. Mmodzi mwa oweruza adakumbutsa kuti ngakhale Mulungu adayamba waitana Adamu ndi kumufunsa asanamuchotse m'munda wa Edeni.

Mlandu wa Cooper wa mu 1863 udakuza mfundoyi. Lamulo linkati womanga nyumba mu London adziwitse akuluakulu a dera lake masiku asanu ndi awiri asanayambe, ndipo akapanda kutero iwo anali ndi mphamvu yogwetsa nyumbayo. Cooper adamanga mpaka nsanjika yachiwiri, akuluakulu a Wandsworth n'kutumiza anthu kukaigumula osamuuza kanthu. Lamulolo silidatchule paliponse za kumva womanga. Oweruza adati palibe kanthu: pamene nyumba ya malamulo yakhala chete, khothi lidzaona ngati udindo womumva munthu ulimo kale. Mwina kalata yake idasochera panjira. Akadadziwa bwanji osamufunsa?

Kenaka zinthu zidabwerera m'mbuyo. Boma litakula, maunduna adachuluka, ndipo makhothi adayamba kuwachitira ulemu wopyola muyeso. Mu 1914 Nyumba ya Malodi, khothi lalikulu koposa la ku Mangalande pa nthawiyo, idagamula kuti Arlidge, yemwe nyumba yake ku Hampstead idatsekedwa kuti siyoyenera kukhalamo anthu, analibe ufulu woona lipoti la woyendera nyumba limene unduna udagwiritsa ntchito pokana apilo yake. Mu 1950, pa mlandu wochokera ku Ceylon, wamalonda a nsalu Nakkuda Ali adauzidwa kuti mkulu amene adamulanda chiphaso sanali kuweruza mlandu koma kungoyendetsa ntchito za boma, choncho sadakakamizidwe kumumva. Kusiyanitsa kumeneku ndimakuona kukhala kolakwika kuyambira pachiyambi, pakuti wolandidwa chiphaso amagona ndi njala chimodzimodzi, kaya womulandayo amatchedwa woweruza kaya mlembi.

Mlandu umene ukuonetsa bwino kulemera kwa umboni wobisika ndi wa Surinder Singh Kanda, insipekitala wa polisi ku Penang m'dziko la Malaya. Mlandu wina wa matikiti achinyengo a lotale udagwa m'khothi zitadziwika kuti mboni za boma zidanama. Apolisi adakhazikitsa gulu lofufuza, ndipo lipoti lake lidamunena Kanda kuti ndiye mwini chiwembu chonsecho. Atamutsegulira mlandu wa mwambo wa pantchito, zonse zidaoneka zolongosoka: adauzidwa milandu yake, adamva mboni, adazifunsa mafunso, adadziteteza. Koma wapolisi wamkulu amene ankamva mlanduwo anali atapatsidwa kale lipoti lija n'kuliwerenga, pamene Kanda sadalione. Adachotsedwa ntchito mu 1958, ndipo lipotilo adadzaliona pa tsiku lachinayi la mlandu umene iye adakasuma kukhothi.

Mu 1962 khothi la ku London lomva apilo za maiko amene adakhalapo mu ufumu wa Britain lidathetsa kuchotsedwako. Woweruza Lord Denning adafotokoza kuti ufulu womvedwa uli ndi phindu pokhapokha munthu akudziwa zimene zanenedwa za iye, kuti athe kuzikonza kapena kuzitsutsa. Wogamula asalandire mawu a mbali imodzi mbali inayo isakudziwa. Adawonjezanso mfundo imene ambiri amaiiwala: Kanda sadafunikire kutsimikiza kuti lipotilo lidapotozadi maganizo a womuweruza. Kungoti likadatha kutero kudakwanira. Apa mpamene tingazindikirire msonkhano wongokwaniritsa mwambo: tisawerenge mphindi zimene munthu adalankhula, tifunse ngati mapepala amene ali patsogolo pa wapampando ali ofanana ndi amene ali m'manja mwa wonenezedwa.

Chaka chotsatira, mu 1963, mlandu wa Charles Ridge udagwetsa mpanda uja wa pakati pa kuweruza ndi kuyendetsa ntchito. Ridge, mkulu wa apolisi ku Brighton, adapezeka wosalakwa pa mlandu wa katangale, koma komiti yoyang'anira apolisi idamuchotsa osamuitana. Pambuyo pake idalola loya wake kulankhula, komabe osamuuza mwatsatanetsatane zimene ankamunenera. Nyumba ya Malodi idati msonkhano wachiwiriwo sudakonze kanthu, ndipo kuchotsedwako kudali kopanda mphamvu. Chofunika tsopano chidakhala kukula kwa zimene munthu angataye, osati dzina la ofesi.

Kwathu kuno zaka zotsatira zidayenda njira ina. Lamulo lolanda katundu la mu 1966 ndi malamulo otsekera anthu popanda kuwazenga mlandu adalola boma kulanga munthu osamufunsa. Orton ndi Vera Chirwa adaweruzidwa kuti aphedwe mu 1983 ndi khothi la mafumu la m'chigawo cha kummwera, losalola maloya, ndipo adakanizidwa kuitana mboni zimene ankafuna. Khothi lotchedwa la mwambo lidaswa mwambo weniweni wa pabwalo. Orton adafera m'ndende ya Zomba mu 1992. N'zosadabwitsa kuti malamulo oyendetsera dziko a mu 1994 adaika m'ndime 43 ufulu woti chigamulo cha ofesi ya boma chikhale chotsata lamulo ndi ndondomeko yachilungamo, ndi kuti zifukwa zake ziperekedwe molemba. Lamulo la ntchito la mu 2000, ndime 57, lidafikitsa mfundoyi kwa olemba ntchito omwe si boma: munthu asachotsedwe chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito asanapatsidwe mpata wodziteteza.

Ufuluwu uli ndi malire. Pa zinthu zamwadzidzidzi, monga chakudya choopsa chimene chili pamsika, ofesi ikhoza kuchitapo kanthu kaye n'kumva mwini wake pambuyo. Dzina la wotsina khutu likhoza kubisidwa ngati moyo wake uli pachiswe. Koma thunthu la nkhani siliyenera kubisidwa: mu 2009 Nyumba ya Malodi idagamula kuti ngakhale woganiziridwa zauchigawenga auzidwe zokwanira kuti athe kulangiza loya wake poyankha.

Choncho mukalandira kalata yokuitanani kukomiti ya mwambo, yang'anani ngati yatchula chimene mudachita, tsiku lake ndi lamulo limene mudaswa. Ngati yangoti "khalidwe losayenera", lembani kalata yopempha tsatanetsatane, lipoti la kafukufuku, mawu a mboni ndi masiku okwanira okonzekera, ndipo musunge kope lake. Akakana, pitanibe kumsonkhanoko, koma pemphani kuti kukanako kulembedwe m'maminitsi.