Dzuwa Palokha, Nyale Payokha: Momwe Kuwala Kumagawidwira mu Renda

Kanema wa masekondi 10 amadya zithunzi 240, chifukwa sekondi iliyonse imafuna zithunzi 24. Ngati kompyuta ikutenga theka la ola kurenda chithunzi chimodzi, ndiye kuti ipukusa maola 120, masiku asanu usana ndi usiku. Mwini filimu akabwera pa tsiku lachisanu ndi chimodzi n'kunena kuti dzuwa lawala kwambiri, wojambula amene anasunga chithunzi chomaliza chokha amangogwira njakata.

Akadaulo amazemba vutoli pogawa renda m'mapasi. Pasi ndi chithunzi chosunga gawo limodzi lokha la kuwala, ndipo kompoziti ndi ntchito yolumikizanso magawowo. Zikufanana ndi ku situdiyo ya nyimbo, kumene ng'oma, gitala ndi mawu a woimba zimajambulidwa pazokhapazokha kuti wosakaniza athe kukweza chimodzi osakhudza zinazo.

Chinsinsi chake n'chakuti kuwala kumaphatikizika ngati manambala. Mu Blender, injini ya Cycles imagawa kuwala potengera njira imene kwadutsa. `Diffuse` ndi kuwala komwazika pa chinthu chosanyezimira monga khoma, `Glossy` ndi kunyezimira kwa pamwamba, pomwe `Transmission` ndi kodutsa m'galasi kapena m'madzi. Chilichonse chili patatu: `Direct` ndi kuwala kochokera ku nyale mwachindunji, `Indirect` ndi komwe kwayamba kwanjanja pa zinthu zina, ndipo `Color` ndi mtundu wa chinthucho popanda kuwala. Pa khoma masamu ake ndi awa:

```
(Diffuse Direct + Diffuse Indirect) * Diffuse Color
```

Wojambula amachita chimodzimodzi ndi magulu awiri enawo, n'kuphatikiza zonse, kuwonjezerapo `Emission` ndi `Environment`. Ngati mulibe utsi kapena chifunga, zotsatira zake ziyenera kufanana ndi pasi yathunthu yotchedwa `Combined`.

Kugawa kwina, komwe ndiko kumapulumutsa munthu dzuwa likakanidwa, kumatsata gwero la kuwala. Blender inabweretsa `Light Groups` mu 2022, pa mtundu wa 3.2. Tiyerekeze chipinda chokhala ndi zenera limodzi ndi nyale ya patebulo. Wojambula amaika dzuwa m'gulu lake, nyale m'gulu lake, ndipo renda imatulutsa zithunzi ziwiri: china chipinda chowala ndi dzuwa lokha, china ndi nyale yokha. Pa pikiselo ina ya pakhoma dzuwa likupereka 0.6, nyale 0.2, zonse pamodzi 0.8. Mwini filimu akufuna chisisira. Wojambula achulukitsa pasi ya dzuwa ndi 0.25 n'kupeza 0.15, achulukitsa ya nyale ndi 2 n'kupeza 0.4, ndipo khomalo latsika kufika pa 0.55. Tsopano nyale ndiyo ikulamulira chipinda, kuphatikizapo kuwala kwake konjanja kudenga, ndipo ntchitoyo yatha m'mphindi zochepa.

Koma masamuwa amayenda pokhapokha manambala atakhala olunjika, kutanthauza kuti nambala ikawirikiza, kuwalanso kwawirikiza. Zithunzi za PNG kapena JPEG nthawi zambiri sizili choncho, chifukwa zimapindidwa kale kuti zioneke bwino pa sikirini. Mu sRGB, 0.5 imaimira kuwala kwa pafupifupi 0.21 basi. Nyale ziwiri zotere zikaphatikizidwa moyenera zimaoneka ngati 0.69, koma wophatikiza ma PNG apeza 1.0, kuyera kwa mbee. Kuwonjezera apo, chilichonse chopitirira 1.0 chimadulidwa, moti zenera lowala ndi 8.0 likatsitsidwa limangosanduka chigamba chotuwa.

N'chifukwa chake mapasi amasungidwa mu OpenEXR, fayilo imene kampani ya Industrial Light & Magic inapereka kwaulere mu 2003. Imasunga manambala olunjika, ngakhale aakulu kuposa 1.0, ndipo mapasi onse amalowa m'fayilo imodzi.

Asanasinthe kanthu, wojambula wochenjera amayesa kaye. Amalumikiza mapasi onse n'kuwafanizira ndi `Combined` pogwiritsa ntchito `Difference`. Chithunzi chikada bii, zonse zili m'malo mwake. Pakaoneka babu lowala, waiwala `Emission`. Pakaoneka khoma lonse, mwina pali nyale imene sinaikidwe m'gulu lililonse.

Malire alipo. Kompoziti imasintha mphamvu ndi mtundu wa kuwala, koma siisuntha gwero lake. M'chipinda chija, chisisira chenicheni chikanatalikitsa mthunzi wa tebulo, koma mthunziwo unakhazikika kale m'pasi ya dzuwa ndipo ukhalabe wa masana. Palinso timadontho tonga mchenga timene renda imasiya pa nyale yofooka. Tinkabisala dzuwa lili pamwamba, koma nyale ikachulukitsidwa kakhumi timakula kakhuminso n'kumayenda pakhoma kanema akamasewera. Zikafika pamenepo wojambula amabwerera ku 3D, n'kurendanso gulu la nyale lokhalo ndi `Samples` yokwera, kusiya pasi ya dzuwa momwe inalili.