Kuchokera pa tchati cha Gantt kufika pa ntchito zosalola kuchedwa

Tchati chimene ophunzira a dipuloma ya kayendetsedwe ka ntchito amachitcha cha Gantt chinabadwira m'mafakitale a zitsulo. Cha m'ma 1896, injiniya wa ku Poland, Karol Adamiecki, anali atayamba kale kujambula ntchito za makina papepala, kuti aone makina amene akungokhala podikira anzake. Koma iye ankalemba m'Chipolishi ndi m'Chirasha, motero nzeru yakeyo sinafike patali.

Amene dzina lake linamveka ndi Henry Gantt wa ku Amereka, yemwe anabadwa mu 1861 ndipo anagwirapo ntchito ndi Frederick Taylor ku fakitale ya zitsulo ya Midvale. Pakati pa 1910 ndi 1915 iye anakonza matchati angapo. Maziko ake anali osavuta: mayina a ntchito kapena a makina amatsika chakumanzere, masiku amayenda chopingasa pamwamba, ndipo ntchito iliyonse imakhala ndi mzere wake. Chimene Gantt ankafuna makamaka ndi kuyerekeza zimene zinalonjezedwa ndi zimene zachitikadi, kuti kapitawo akangoponya diso aone pamene patsalira. Pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse, boma la Amereka linagwiritsa ntchito matchatiwa poyang'anira kupangidwa kwa zida ndi zombo. Gantt anamwalira mu 1919, ndipo buku la Wallace Clark la mu 1922 ndi limene linafalitsa njirayi kumayiko ena.

Tchati chija chinali ndi pofooka, ndipo pano ndi pamene ophunzira ambiri amapunthwa. Chimaonetsa tsiku loyamba ndi lomaliza la ntchito iliyonse, koma sichinena kuti ntchito iti ikudikira iti. Mzere umodzi ukatalika, sungadziwe ngati pulojekiti yonse yachedwa kapena ayi.

Yankho linabwera cha m'ma 1957, pamene Morgan Walker wa kampani ya DuPont ndi James Kelley wa Remington Rand anakonza njira ya CPM, mothandizidwa ndi kompyuta ya UNIVAC. DuPont inkavutika ndi nthawi yotseka fakitale pokonza makina, chifukwa ola lililonse lotseka ndi ndalama zotayika. Mu 1958 asilikali apamadzi a ku Amereka anatulutsa PERT pa pulojekiti ya mizinga ya Polaris. Poti ntchito zambiri kumeneko zinali zisanachitikepo, PERT inkafunsa nthawi zitatu pa ntchito iliyonse: zinthu zikayenda bwino, zikayenda mwamasiku onse, ndi zikavuta. Njira ziwirizi zinagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti pulojekiti imatha pa nthawi ya mndandanda wautali koposa wa ntchito zodikirana.

Tiyeni tione pomanga chipinda chophunzirira. Maziko atenga masiku 10, makoma 15, denga 7, pulasitala ndi penti 8. Iliyonse ikudikira inzake, choncho zonse pamodzi ndi masiku 40. Pambali pali kalipentala wokhoma mitengo ya denga. Iye akufuna masiku 12, ndipo angayambe tsiku loyamba lomwelo, popeza sakudikira njerwa ya munthu. Mitengoyo idzafunika makoma akatha, patapita masiku 25. Kuchotsa 12 pa 25 kutsala 13, ndipo umenewu ndiye mpata wa kalipentala. Akachedwa ndi sabata yathunthu, palibe chawonongeka. Koma mmisiri wa makoma akajomba masiku 2 chifukwa simenti yatha, chipinda chidzaperekedwa pa tsiku la 42. Maziko, makoma, denga ndi pulasitala zilibe mpata ngakhale wa tsiku limodzi, ndipo zimenezi ndi zimene timazitcha ntchito zosalola kuchedwa.

Ndimaumirira pamenepa chifukwa pamayeso ambiri amasankha ntchito yodula kapena yovuta n'kunena kuti ndiyo yosalola kuchedwa. Mtengo ndi kuvuta sizilowamo m'masamuwa. Chimene timawerenga ndi mpata basi. Mwini pulojekiti akalemba aganyu awiri othandiza kalipentala, wataya ndalama, chifukwa tsiku lomaliza silisuntha. Akawonjezera amisiri pa makoma n'kuwatsiriza m'masiku 11, pulojekiti imatsika kufika masiku 36.

Komabe njira yosalola kuchedwayo siikhala malo amodzi. Nthawi ya makoma ikafupikitsidwa chonchi, denga likufunika patapita masiku 21, ndipo mpata wa kalipentala watsika kufika pa 9. Matabwa akachedwa kufika ndi masiku 11, iye amaliza pa tsiku la 23, ndipo amisiri onse akhala pansi masiku 2 kumudikira. Ntchito imene inali ya pambali tsopano ndiyo ikulamula tsiku lomaliza, limene lafika pa 38. Mapulogalamu a masiku ano monga Microsoft Project amajambula mizere ya Gantt, kuilumikiza ndi mivi ya CPM, n'kuwerengetsanso zonsezi pakamphindi. Koma amawerengera masiku amene munthu walowetsamo, motero sabata iliyonse woyang'anira ayenera kupita pamalo omangapo, kufunsa kapitawo kuti njerwa zafika mzere wachingati, ndi kukonzanso tchati chake.