Kukopera

Kusukulu, kukopera ndi kulemba zimene zili pabolodi. Kwa opeta nsalu, mawuwa amatanthauza kusamutsa chithunzi cha papepala kuti chioneke pansalu asanayambe kupeta.

Pansalu yoyera sipavuta, chifukwa chithunzi chimaonekera akaiika pazenera. Yakuda ndiye imabisa pensulo. Apa wopeta amaboola mizere ya duwa ndi singano, n'kupaka ufa wa choko kuti udutse m'timabowo. Timadonthoto amatilumikiza msanga ndi pensulo yoyera, poti choko sichichedwa kuyoyoka.

Sikipa imavuta koposa. Imatamuka pojambula, ndipo ikabwerera duwa limapindika. Njira yabwino ndi kulumikiza pepala lopyapyala pasikipayo ndi ulusi, kupeta pamwamba pake, kenako kuling'amba pang'onopang'ono.