Avareji kapena midiyani: nambala yoyenera pofotokoza ndalama zomwe mabanja akumudzi amapeza

Ochita kafukufuku akamaliza kufunsa mabanja ndalama zomwe amapeza pamwezi, amafuna nambala imodzi yoimira banja wamba la m'mudzimo. Njira zodziwika ndi ziwiri. Avareji imapezeka pophatikiza ndalama za mabanja onse n'kugawa ndi chiwerengero cha mabanjawo. Midiyani imapezeka pondandalika mabanja kuyambira lopeza zochepa mpaka lopeza zambiri, kenako n'kutenga ndalama za banja lomwe laima pakati pa mzerewo.

Kusiyana kwa ziwirizi kumaoneka bwino m'midzi yozungulira msika wa Namadzi m'boma la Chiradzulu. Malowa ali pamsewu wa pakati pa Blantyre ndi Zomba, choncho m'mudzi umodzi mutha kupezeka mabanja odalira ganyu ndi kadimba, moyandikana ndi banja lomwe lili ndi golosale pamsika kapena mwana ku Joni wotumiza ndalama mwezi ndi mwezi.

Tiyerekeze kuti afunsidwa mabanja 9, ndipo ndalama zawo za pamwezi ndi izi: K30 000, K35 000, K40 000, K45 000, K50 000, K55 000, K60 000, K85 000 ndi K500 000. Lomalizali ndi la mwini chigayo. Zonse pamodzi zikukwana K900 000, ndipo tikagawa ndi 9, avareji ndi K100 000. Midiyani ndi ndalama za banja lachisanu pamzere, K50 000.

Lipoti lonena kuti banja la m'mudzimu limapeza K100 000 silinalakwitse masamu, koma mabanja 8 mwa 9 safika pa ndalama imeneyo. Chigayo chimodzi chakokera nambala m'mwamba. Bungwe losankha midzi yoti ilandire thandizo likadalira lipoti lotere, litha kuudumpha mudziwu poganiza kuti anthu ake akupezako bwino.

Kafukufuku akakhala wa mabanja ochepa, vutoli limakula. Tinene kuti tsiku lofunsalo mwini chigayo anali atapita ku Limbe, ndiye sanalembedwe. Mabanja 8 otsalawo ali ndi K400 000, ndipo avareji yatsika ndi theka, kufika pa K50 000. Mabanja akakhala 8 palibe limodzi loima pakati, choncho timaphatikiza awiri apakati, K45 000 ndi K50 000, n'kugawa pawiri: midiyani ndi K47 500. Yasuntha ndi K2 500 yokha. N'chimodzimodzinso wolemba akaonjezera ziro mwangozi, K60 000 n'kusanduka K600 000: pamabanja 9 aja avareji ikwera kufika pa K160 000, pomwe midiyani ikhalabe pa K50 000.

Njira yachidule yodziwira ngati pali vuto ndi kuwerengera zonse ziwiri n'kuziyerekeza. Pakompyuta, mu Excel, ndalamazo zikalembedwa kuyambira pa B2 mpaka B10, mumalemba `=AVERAGE(B2:B10)` ndi `=MEDIAN(B2:B10)`. Avareji ikaposa midiyani ndi patali, ndiye kuti pali mabanja ochepa opeza zambiri, kapena nambala ina yalembedwa molakwika ndipo mpofunika kubwerera kumafomu.

Avareji ili ndi ntchito yake. Wofuna kudziwa ndalama zonse zolowa m'mudzi pamwezi, monga wamalonda yemwe akulingalira zotsegula sitolo, amachulukitsa avareji ndi chiwerengero cha mabanja. Midiyani singathe zimenezi: K50 000 kuchulukitsa ndi 9 ndi K450 000, theka chabe la ndalama zenizeni. Koma funso likakhala lakuti banja wamba limapeza zingati, midiyani ndiyo imayankha zoona.

Ngakhale zili choncho, midiyani siyikonza funso lomwe lafunsidwa molakwika. Ndalama za mlimi zimayendera nyengo: wofunsa anthu atangogulitsa nandolo adzapeza nambala yosiyana kwambiri ndi wofunsa mu Januwale kapena Febuluwale, nkhokwe zitauma. Komanso chimanga chomwe banja lalima n'kudya lokha sichioneka ngati ndalama, chonsecho ndicho chikulisunga. Ichi ndi china mwa zifukwa zomwe ofesi ya boma ya kalembera ya NSO ku Zomba, pakafukufuku wake wa mabanja monga wa 2019/2020, imayezera umphawi potengera mtengo wa zomwe banja limadya ndi kugwiritsa ntchito, ndipo imawerengera pa munthu mmodzi. K50 000 ya banja la anthu awiri si yofanana ndi K50 000 ya banja la anthu asanu ndi awiri.

Lipoti la kafukufuku wa mudzi umodzi liyenera kutsogoza midiyani, avareji n'kukhala pambali pake. Linenenso mabanja omwe afunsidwa, mwezi womwe afunsidwa, komanso ndalama za banja lotsikitsitsa ndi lapamwamba kwambiri.