Ka "-ma-" kamene kamapachika munthu mlandu

Kiliniko ofesa wachinyamata akatha chaka pa ntchito, kaya ndi ku chipatala cha Mitundu kapena cha Nathenje, womuyang'anira amayenera kunena momwe wagwirira ntchito. Fomu yake ndi ya Chingerezi, koma awiriwa akakhala pansi amakambirana m'Chichewa, ndipo zimene zimathera pa fomupo ndi zimene zayamba kutuluka pakamwa. Nkhawa yanga ili pa kaphatikizo ka -ma-.

"Munachedwa" ndi "mumachedwa" n'zosiyana kwambiri. Loyambalo likunena za tsiku limene mungaliloze pa kalendala, pomwe lachiwirilo lasandutsa tsikulo kukhala khalidwe la munthu. Ngati mnyamatayo anachedwa kawiri m'dzinja, nenani kuti kawiri, mutchule miyezi yake. Polemba m'Chichewa vuto limakula, chifukwa "amachedwa" wa masiku ano ndi "amachedwa" wa kale amasiyana ndi kamvekedwe kokha, kamene pepala silionetsa. Ngati anasiya, lembani kuti "ankachedwa". Ka -nka- kamachitira umboni kuti munthu anasintha.

Tiyerekeze kuti vuto lake linali pa malungo aakulu. Mwana wosakwana makilogalamu 20 amabayidwa atesuneti wa mamiligalamu 3 pa kilogalamu iliyonse, pomwe wa makilogalamu 20 kapena kuposa amalandira 2.4. Choncho mwana wa makilogalamu 12 ayenera kulandira 36, osati 28.8. Kunena kuti "amalakwitsa mankhwala" n'kumunamizira, chifukwa mawuwa akukokera ndi mankhwala ena onse amene amalemba bwino. Ndemanga yachilungamo ingamveke motere: "M'mwezi wa Febuluwale munalembera ana atatu osakwana makilogalamu 20 mlingo wa 2.4. Titakambirana, mafayilo a Epulo ndi Meyi amene ndaona ali ndi mlingo woyenerana ndi sikelo ya mwana. Chatsala n'kulemba nthawi ya jakisoni wachiwiri ndi wachitatu, pa maola 12 ndi 24." Mnyamatayo angathe kutsegula mafayilowo, kuvomera kapena kutsutsa, ndipo akudziwa chochita mawa.

Chenjeraninso ndi aneni obisa wochita. "Odwala sanapimidwe malungo" sakunena ngati iye ananyalanyaza kapena zipangizo zopimira zinali zitatha sabata imeneyo. Ngati zinatha, mlanduwo si wake, ndipo usalowe pa fomu yake.

Ngakhale mawu oyamikira amalanda munthu chake. "Amayesetsa" timanenera amene tikumumvera chisoni, ndipo wowerenga fomu ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Lilongwe adzamva choncho. "Ndi waulemu" sakutiuza kanthu za odwala. Ngati usiku wina anazindikira msanga kuti mayi woyembekezera wakwera magazi koopsa, n'kumuyambitsa mankhwala asanamutumize ku Kamuzu Central, nenani zimenezo, ndi mwezi wake womwe.