Kutsitsa gemu yaikulu usiku intaneti ikamayenda pang'onopang'ono

Magemu a pafoni monga PUBG Mobile, Call of Duty Mobile ndi eFootball ndi aakulu. Amalemera magiga angapo. Ku Benga, ku Moatize kapena ku Zóbuè, anthu ambiri amalowa pa intaneti ndi bandulo ya Vodacom, Movitel kapena Tmcel, ndipo netiweki siyenda mofanana tsiku lonse. Madzulo anthu ambiri amakhala pafoni nthawi imodzi, ndiye imachedwa. Pakati pa usiku njira imatseguka. N'chifukwa chake gemu yaikulu imafuna kuikonzekera, osati kungodina basi.

Mawu ofunika

Kukula kwa gemu kumayezedwa ndi mamega ndi magiga. Pafoni mega imalembedwa MB, giga imalembedwa GB. Giga imodzi ndi mamega pafupifupi 1,000. Choncho gemu ya 5 GB ili ndi mamega pafupifupi 5,000.

Pali zizindikiro zitatu zimene muyenera kuzisiyanitsa bwino. Timizere tiwiri toimirira ndi kuimitsa kaye. Kachizindikiro ka ngodya zitatu, kapena mawu akuti Resume kapena Retomar, ndi kupitiriza pamene munalekezera. Koma X, Cancel kapena Cancelar ndi kuthetseratu. Mukadina chachitatuchi, zimene zalowa kale nthawi zambiri zimafufutika, ndipo mamega amene munalipira sabwerera.

Yambani mwayeza liwiro

Musadalire timizere ta netiweki timene timaoneka pamwamba pa foni. Timizereto tikhoza kudzaza koma intaneti ikukwawa. Yezani nokha, pa nthawi imene mukufuna kudzatsitsa gemuyo. Yambitsani kutsitsa, yang'anani wotchi, ndipo pakatha mphindi 10 onani mamega amene alowa. Chulukitsani nambalayo ndi 6, chifukwa mu ola limodzi muli mphindi 10 kasanu ndi kamodzi. Yankho lake ndi mamega amene amalowa pa ola.

Yesani malo awiri kapena atatu m'nyumba. Pawindo kawirikawiri pamagwira bwino kuposa pakati pa chipinda. Pamene payenda msanga, foni igone pomwepo.

Chitsanzo: gemu ya 5 GB

Tiyerekeze kuti mayi wina wa ku Benga akufuna kutsitsira mwana wake gemu ya 5 GB. Wayeza usiku, ndipo pa mphindi 10 palowa mamega 100. Ndiye kuti pa ola palowa mamega 600. Tikagawa 5,000 ndi 600, tipeza maola 8 ndi mphindi 20.

Tsopano tinene kuti bandulo yake ya usiku imagwira kuyambira 12 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa. Amenewo ndi maola 5 okha. Pa maola 5 palowa mamega 3,000, ndipo patsala 2,000. Otsalawo afuna maola 3 ndi mphindi 20 usiku wotsatira. Gemuyi ndi ya mausiku awiri.

Masamu amenewa amateteza ndalama. Ngati bandulo ya usikuyo imatha ntchito kukacha, kugula magiga 5 nthawi imodzi n'kutaya awiri, chifukwa netiweki singathe kuwakoka onse usiku umodzi. Mayiyu agule magiga atatu usiku woyamba, ndipo usiku wachiwiri agule opitirirako pang'ono pa awiri. Musanalipire pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, werengani uthenga wa bandulo, muone ola loyambira, ola lothera, ndi masiku amene igwire.

Ngozi yaikulu ili m'mawa. Nthawi ya bandulo ya usiku ikatha foni ikutsitsabe, imayamba kudya bandulo ya masana kapena ndalama zotsala mufoni. Tcherani alamu ilire kutatsala mphindi 10 kuti nthawiyo ikwane, mudzuke muimitse.

Kodi ipitiriza kapena iyambiranso?

Si kutsitsa kulikonse kumene kumalola kuimitsa. Muyese poyamba penipeni, musanawononge zambiri. Pakalowa mamega 50, imitsani, dikirani pang'ono, kenako pitirizani. Nambala ikachoka pa 50 kupita m'tsogolo, zili bwino. Ikabwerera pa 0, dziwani kuti gemuyo iyenera kulowa yonse ulendo umodzi, choncho pezani malo a Wi-Fi kapena a netiweki yamphamvu.

Pa Play Store palibe batani loimitsira. Pali lothetsera lokha. Mukafuna kuimitsa kaye, zimitsani intaneti ya mufoni, osadina X. Foni imalemba kuti ikudikira netiweki, ndipo mukayatsanso, kawirikawiri imapitiriza.

Magemu ambiri amalowa m'magawo awiri. Gawo loyamba limachokera ku Play Store. Mukaitsegula gemuyo, imayambanso kutsitsa mapu, mawu ndi zithunzi. Gawo lachiwirili likhoza kukula kuposa loyamba, choncho liwerengereni pogula bandulo. Magemu ena amasiya kutsitsa gawoli sikirini ikazima. Yesani kuizimitsa kwa mphindi ziwiri, muone ngati nambala yasuntha. Ngati sinasunthe, sikirini isiyeni yoyaka koma muchepetse kuwala kwake.

Musalole masiku ambiri adutse pakati pa usiku woyamba ndi wachiwiri. Eni gemu akaisintha mkati mwa masikuwo, mukhoza kupeza kuti zina zimene munatsitsa zikufunika kutsitsidwanso.

Musanagone

Onani malo otsala mufoni. Gemu imabwera yopanikizidwa, ndipo ikamamasulidwa imafuna malo ena owonjezera. Pa gemu ya 5 GB ndi bwino kukhala ndi malo okwana magiga 10. Malo akachepa, kutsitsa kukhoza kufika kumapeto kenako n'kukana.

Foni ikhale pa chaja, ndipo onani ngati mita ya Credelec ili ndi magetsi okwanira usiku wonse. Ku Tete kumatentha kwambiri, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, ndipo foni imene ikutsitsa uku ikutchajidwa imatenthanso payokha. Musaiike pansi pa pilo kapena pa matiresi. Ichotseni m'chikwama chake, muigoneke pa tebulo kapena pa simenti. Tsekaninso zoti mapulogalamu ena azidzikonza okha, kuti asalande mamega a gemu.

A ku Zóbuè samalani ndi chinthu china. Popeza muli m'malire, foni ikhoza kugwira netiweki ya ku Malawi, Airtel kapena TNM, m'malo mwa yanu. Bandulo ya ku Mozambique sigwira pamenepo, ndipo mtengo wake ndi wina. Zimitsani pamene palembedwa Roaming, ndipo onani dzina la netiweki pamwamba pa foni musanayambe.

Pa kompyuta

Amene amatsitsa pa Steam ali ndi mwayi, chifukwa kumeneko mukhoza kuimitsa, kuzimitsa kompyuta, n'kudzapitiriza mawa. Mu Settings, pa Downloads, muli Schedule auto-updates, pamene mumasankha maola oti magemu amene alimo kale azikonzedwa. Zimenezi siziyambitsa gemu yatsopano. Imeneyo mumayambitsa nokha nthawi ya bandulo ikakwana. Laputopu ikagona, kutsitsa kumaima, choncho isinthireni kuti isagone ikakhala pa chaja, ndipo musaitseke chivundikiro.

M'mawa lembani papepala nambala ya mamega amene alowa. Ngati ali ochepa kwambiri poyerekeza ndi masamu anu, ndiye kuti netiweki inaduka kapena sikirini inazima usiku. Chotsani nambalayo pa kukula kwa gemu, ndipo yotsalayo ndiyo bandulo yoti mugule usiku wotsatira.