Kalata ya Umboni ya Mzamba Wofuna Ntchito Kunja

Kalata ya umboni ya mzamba ndi chikalata chomwe amalemba woyang'anira ntchito za chipatala, yemwe kawirikawiri amakhala sisita wamkulu wa wodi ya amayi oyembekezera kapena metroni, pofuna kutsimikizira olemba ntchito a dziko lina kuti mzambayo anagwiradi ntchito pansi pake, kwa nthawi yakutiyakuti, ndiponso kuti ntchitoyo ankaigwira motani. Kalatayi ndi yosiyana ndi chiphaso cha mbiri yabwino, chomwe chimachokera ku bungwe loona za anamwino ndi azamba ndipo chimangonena kuti munthuyo ali m'kaundula komanso alibe mlandu wokhudza ntchito. Bungwe limachitira umboni zomwe zili m'mabuku ake, pomwe woyang'anira amachitira umboni zomwe anaona ndi maso ake mu wodi, ndipo mphamvu yonse ya kalata yake yagona pamenepo. Pano pakufotokozedwa kalata ya mzamba wa ku Malawi wofuna ntchito ku Britain.

Mbiri yake

Bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi linakhazikitsidwa m'chaka cha 1966, ndipo ndilo limasunga kaundula wa anamwino ndi azamba m'dziko muno, pomwe ku Britain udindowu uli m'manja mwa Nursing and Midwifery Council, lomwe linayamba ntchito mu 2002. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anamwino ndi azamba ambiri a ku Malawi anapita ku Britain, moti boma, mothandizidwa ndi dziko la Britain lomwelo ndi thumba la Global Fund, linayambitsa ndondomeko yapadera yomwe kuyambira mu 2005 inawonjezera malipiro a magulu ena a ogwira ntchito zaumoyo ndi 52 peresenti. Mu 2010 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza mfundo zoyenera kutsata polemba ntchito anthu azaumoyo ochokera maiko ena, ndipo mndandanda wake wa mu 2023 wa maiko 55 omwe ali ndi vuto lalikulu la kuchepa kwa ogwira ntchito zaumoyo ukuphatikiza Malawi. Chifukwa cha ichi, zipatala za ku Britain siziloledwa kubwera kudzakopa azamba kuno, ngakhale mzamba ali ndi ufulu wofunsira yekha ntchito yomwe yalengezedwa. Wofunsira yekhayu alibe kampani yomunenerera, choncho mapepala ake ndiwo amamulankhulira.

Nawo malamulo a ku Britain sautenga mopepuka umboni wotere. Pa mlandu wa Spring ndi kampani ya Guardian Assurance, womwe unagamulidwa mu 1994, bwalo lalikulu kwambiri la dzikolo pa nthawiyo linanena kuti wolemba ntchito amene akupereka umboni wa yemwe anali wantchito wake ayenera kusamala kuti zomwe akulemba n'zoona, ndipo akhoza kulipitsidwa ngati kusasamala kwake kwamutayitsa mnzakeyo mwayi. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe olemba ntchito kumeneko amakondera umboni wa mfundo zotsimikizika kuposa wa mawu oyamikira.

Zomwe zimalembedwamo

Zipatala za boma ku Britain zimafuna umboni wokwanira zaka zitatu zapitazo za ntchito kapena maphunziro, ndipo nthawi zambiri zimatumiza fomu yawo kwa woyang'anira mwachindunji. Kaya ndi fomu kaya kalata, wolemba amatchula dzina lake, udindo wake, nambala yake ya m'kaundula, masiku omwe mzambayo anayamba ndi kusiya ntchito, giredi yake, komanso ngati anakhalapo pa chilango kapena pali nkhani yomwe ikufufuzidwa. Kalatayi silowa m'malo mwa mayeso a Chingerezi, kapena mayeso awiri a luso, a pakompyuta ndi ochita ndi manja, omwe bungwe la ku Britain limafuna.

Chofunika kwambiri kwa mzamba wa ku Malawi ndi kulekanitsa nthawi ya uzamba ndi ya unamwino. Ambiri kuno anaphunzira ntchito zonse ziwiri ndipo amasinthidwasinthidwa mawodi malinga ndi komwe kwaperewera anthu, pomwe ku Britain uzamba uli ndi gawo lakelake m'kaundula. Mwachitsanzo, ngati mzamba wagwira ntchito pachipatala chaching'ono cha boma kuyambira Malichi 2021 mpaka Ogasiti 2024, koma miyezi 10 mwa miyezi 42 imeneyi anali ku wodi ya ana, kalata yolembedwa bwino imanena kuti miyezi 32 ndiyo anathera mu leba, ku sikelo ya amayi oyembekezera ndi ku wodi ya amayi omwe angochira kumene, n'kugawanso miyeziyo malinga ndi buku la mashifiti. Kalata yongonena kuti anali mzamba kwa zaka zitatu ndi theka imadzasemphana ndi zomwe mwiniwake analemba pofunsira ntchito, ndipo kusemphana kwa masiku kotereku kumaimitsa ndondomeko yonse kufikira atalongosola.

Pa luso, mawu akuti "ndi wolimbikira ndi waulemu" sathandiza wowerenga, chifukwa akhoza kunenedwa za aliyense. Woyang'anira wodziwa ntchito amalemba zomwe anaona: kuti mzambayo amalemba patogirafu, yomwe ndi tchati yotsatira momwe matenda a mayi akuyendera, pa nthawi yake osati podzaza mwana atabadwa kale, kuti amabaya mayi mayunitsi 10 a okisitosini mwana akangobadwa, ndiponso kuti mayi atataya magazi opitirira mamililita 500, iye anaitana anzake, anasisita chiberekero, anaika diripi, anayang'ana ngati nsengwa yatuluka yonse, n'kudziwitsa dokotala mosazengereza. Dzina la mayiyo, mudzi wake kapena tsiku lenileni sizilembedwa, pakuti chinsinsi cha wodwala sichitha chifukwa choti kalata ikupita kutali. Ngati woyang'anira sanamuonepo mzambayo akugwira ntchito ina, monga kusamalira mayi yemwe wabayidwa mankhwala oletsa ululu kumsana, zomwe sizichitikachitika m'zipatala zambiri za kuno, ayenera kunena choncho, chifukwa luso lokokomeza limadzaululika pa shifiti yoyamba ndipo wovutika amakhala mayi ndi khanda.

Kachitidwe ka m'zipatala za kuno

M'mawodi kalatayi amangoitcha refarensi, ndipo woilemba amatchulidwa ndi udindo wake, a sisita, a inichaji kapena a metroni. Mzamba amaipempha pamasom'pamaso, nthawi zambiri malipoti a m'mawa atatha, ndipo pempholi limakhala lolemera pang'ono, popeza yemwe akupemphedwa ndi yemweyo adzatsale ndi mpata pa ndandanda ya mashifiti ausiku. Oyang'anira ambiri amalembabe mokhulupirika, ndipo izi n'zoyamikika ndithu. Ena, chifukwa cha kuchuluka kwa ntchito, amauza mzambayo kuti alembe yekha iwo adzangosaina, chizolowezi chomwe chimaonekera msanga ngati olemba ntchito aimba foni n'kupeza kuti wosainayo sakudziwa zomwe zili m'kalata yake yomwe.

Chidindo chili ndi malo aakulu. Popeza oyang'anira ambiri amagwiritsa ntchito imelo yawoyawo osati ya chipatala, zomwe olemba ntchito kunja amazikayikira, kalata imalembedwa pa pepala la mutu wa chipatala, imadindidwa ku ofesi ya metroni kapena yoona za antchito, ndipo pamaikidwa nambala ya foni ya ofesi yomwe ingayankhidwe. Kusamutsidwa kwa antchito kumabweretsanso vuto lina, loti sisita yemwe amamudziwa bwino mzambayo anapita kale kuboma lina. Zikatero pamalembedwa makalata awiri, ya woyang'anira wakale yofotokoza luso pa nthawi yomwe anali naye, ndi ya ofesi yotsimikizira masiku kuchokera mu fayilo. Kalatayi payokha sipatsa munthu ntchito, koma nthawi zambiri ndiyo umboni wokhawo wochokera kwa munthu yemwe anamuonapo mzambayo akuchiritsa mayi.